Makilomita 37 pa mapu osapitirira makilomita 20: lipoti la pepala limodzi la jogalafe

Lipoti ili ndi la wophunzira mmodzi wa m'kalasi yanga yokonzekera mayeso omaliza a sekondale. Dzina lake sinditchula. Ndi mtsikana amene pa mafunso a nyengo, nthaka ndi chiwerengero cha anthu amakhoza bwino, koma pa mayeso oyeserera anapeza malikisi 4 pa 20 m'gawo la kuwerenga mapu. Nditangoona nambalayo ndinaganiza kuti nthawi inamuthera. Ayi ndithu. Funso lililonse anayankha, masamu ake ali pamzere pamzere, mwaukhondo. Chimene chinandiimitsa mutu n'chakuti njira zonse ankazidziwa, koma mayankho ake anali oti munthu atangoyang'ana mapuwo kamodzi akanawakana.

Mapu amene tinagwiritsa ntchito

Anali chidutswa cha mapu a sikelo ya 1:50 000, osindikizidwa pa pepala la A3. Mabokosi a giridi analipo 16 m'litali ndi 12 m'lifupi, bokosi lililonse masentimita 2 mbali zonse, kutanthauza kilomita imodzi pansi. Mizere ya kontuwa, ija yolumikiza malo okwera mofanana, inkasiyana ndi mamita 20, ndipo mzere wachisanu uliwonse unali wonenepa ndi wolembedwa nambala: 1 000, 1 100, 1 200. Pa mapupo panali mtsinje, mlatho, msewu wokhotakhota wochoka pa mlathowo kukafika pa mphambano, ndi phiri lokhala ndi chipilala pansonga, pamene panalembedwa 1 246. M'munsi munali sikelo ya mzere, ija yooneka ngati karula kodulidwa m'makilomita.

Mafunso amene anamugwetsa ndi anayi: mtunda wowongoka kuchokera pa mlatho kukafika pa chipilala, kutalika kwa msewu kuchokera pa mlatho kukafika pa mphambano, giradiyenti, kutanthauza kutsetsereka kwa malo, ya pakati pa mlatho ndi chipilala, ndi beyaringi, kutanthauza ngodya yoyezedwa kuchokera kumpoto, ya chipilala kuchokera pa mlatho. Tinakhala naye masana ena, mapu ali pakati pathu, ndipo ndinamupempha kuti abwereze zonse akulankhula mokweza zimene akuchita. Sindinamuwongolere mpaka atamaliza. Njira imeneyi ndimaikonda chifukwa cholembedwa pa pepala chimangoonetsa pamene munthu anagwera, osati pamene anapunthwa.

Mtunda wowongoka

Anaika rula bwinobwino, ziro pakati pa mlatho, n'kuwerenga masentimita 7.4 pa chipilala. Apa panalibe vuto. Anachulukitsa 7.4 ndi 50 000 n'kupeza masentimita 370 000. Apanso panalibe vuto. Kenako, posintha kukhala makilomita, anachotsa maziro anayi n'kulemba makilomita 37. Kilomita imodzi ili ndi masentimita 100 000, maziro asanu, choncho yankho linali makilomita 3.7.

Mphunzitsi mnzanga ataona pepalalo anati ndi kusasamala chabe, mwana angouzidwa kuti aziwerenga maziro. Ine sindinagwirizane nazo. Ziro aliyense amamutaya tsiku lina, ngakhale ife amene. Chimene chinandidetsa nkhawa n'chakuti 37 uja anamulemba mtima uli m'malo. Ndinamufunsa kuti mapu onsewo, kuchokera ngodya ina kukafika ngodya yopingasa nayo, ndi makilomita angati. Anayang'ana rula. Ndinaichotsa pa tebulo n'kumuuza kuti awerenge mabokosi. Anawerenga 16, kenako 12, n'kukhala phee kwa kanthawi.

"Aphunzitsi, ndiye kuti bokosi limodzi ndi kilomita imodzi?"

Zaka zonsezi mizere ya giridi ankaitenga ngati yongopezera manambala a malo. Sankadziwa kuti ndi muyeso umene uli kale pa mapu. Mapu a makilomita 16 m'litali ndi 12 m'lifupi, mzere wautali kwambiri umene ungajambulidwepo ndi wa makilomita 20. Makilomita 37 sangakwanepo mwanjira iliyonse. Ndipo chipilala chija chili mabokosi awiri ndi kachidutswa kumadzulo kwa mlatho, mabokosi atatu kummwera. Munthu woona zimenezo amadziwa asanagwire rula kuti yankho liposa 3 koma silifika 5.

Ndinamuletsa kuchulukitsa ndi 50 000 nthawi iliyonse. Manambala aakulu ndiwo amabala maziro osochera. Sikelo isinthidwe kamodzi kokha, mayeso akangoyamba, n'kulembedwa pamwamba pa pepala: sentimita imodzi ikuimira masentimita 50 000, amene ndi mamita 500, amene ndi theka la kilomita. Zikatero mtunda uliwonse pa mapu amenewa ndi kungogawa masentimita ndi 2. Masentimita 7.4 kugawa ndi 2, makilomita 3.7, basi. Mapu akakhala a 1:25 000, kilomita imodzi ndi masentimita 4, ndipo amagawa ndi 4. Akakhala a 1:100 000, sentimita imodzi ndiyo kilomita imodzi.

Msewu wokhotakhota

Pa mayeso anayeza msewu ndi rula, kuchokera pa mlatho kulunjika pa mphambano, n'kupeza masentimita 8.6, makilomita 4.3. Funso linati "potsata msewu". Mawu awiriwo anawadumpha. Uku ndiye kunali kusasamala kwenikweni, ndipo sitinachedwepo.

Chimene chinatichedwetsa ndi kayezedwe kake atazindikira. Anatenga kapepala kowongoka m'mphepete, monga tinaphunzirira, n'kuyamba kuyenda nako pa msewu, akulemba kachizindikiro pa mapu ndi pa kapepala nthawi imodzi, kenako kutembenuza kapepalako nsonga ya pensulo itapanikiza pa chizindikiro chomaliza. Njira ndi yomweyo. Koma msewu wonsewo anaugawa zidutswa zisanu zokha, n'kupeza masentimita 10.2. Ine ndinali nditapeza 11.2, amene ndi makilomita 5.6. Kusiyana kwa sentimita imodzi pa mapu awa ndi mamita 500 pansi.

Kapepala kamayeza mizere yowongoka yokha. Pamene msewu wakhota, kachidutswa kalikonse kowongoka kamadula ngodya, ndiye njira imeneyi ikalakwa imalakwira kuchepa nthawi zonse, osati kuchuluka. Zidutswa zikachepa, zodulidwa zimachuluka. Pamene msewu ukuzungulira m'mbali mwa phiri, zizindikiro ziyenera kuyandikana, ngakhale mamilimita 3 kapena 4 okha. Pamene wawongoka, chidutswa chimodzi chachitali n'chokwanira. Atabwereza ndi zidutswa pafupifupi 20 anapeza 11.1, ndipo ndinavomera.

Ena amakonda ulusi. Nawonso uli ndi vuto lake, lotembenuka: pa mapu umagona momasuka, koma pouika pa rula munthu amaukoka, ndiye ukakhala wotamuka yankho limakula. Ine ndimasankha kapepala, makamaka chifukwa kamasiya zizindikiro zimene wochonga angaone kuti mwanayu anayezadi.

Pa sikelo imeneyi milimita imodzi ndi mamita 50. Pensulo yobuntha imajambula mzere wonenepa pafupifupi milimita imodzi, ndiye zizindikiro 20 za pensulo yotero zikhoza kusokoneza yankho lonse. Ndinamusongolera pensulo yake ndekha tsiku limenelo.

Kutalika kwa mlatho ndi giradiyenti

Apa ndi pamene panali vuto lalikulu, ndipo ndi pamene ndikhalitse.

Kuti munthu apeze giradiyenti amafunika zinthu ziwiri: kusiyana kwa kutalika, kutanthauza kukwera kwa malo, pakati pa malo awiriwo, ndi mtunda wopingasa pakati pawo, zonse m'mamita. Kutalika kwa chipilala kunalembedwa kale, mamita 1 246. Kwa mlatho kunayenera kuwerengedwa pa mizere ya kontuwa. Mlathowo uli pamene mzere wina wopanda nambala ukudutsa mtsinje, mizere iwiri kuchokera pa mzere wonenepa wa 1 100. Iye anawerenga mizere iwiriyo molondola, n'kudziwanso kuti iwiri ndi mamita 40. Koma anaphatikiza m'malo mochotsera. Analemba 1 140 pamene kutalika kwenikweni ndi 1 060.

Ndinamufunsa chifukwa chimene anaphatikizira. Anati mlatho uli kumtunda kwa mzere wa 1 100. Pomati kumtunda ankatanthauza kumwamba kwa pepala. Mlatho uli kumpoto kwa phiri, ndipo kumpoto ndiko kumakhala kumwamba kwa pepala, ndiye m'mutu mwake kupita kumpoto kunali kukwera. Si iye yekha. Chaka chilichonse ndimapeza ena amene amakhulupiriranso kuti mitsinje yonse pa mapu imayenda kutsikira kumunsi kwa pepala.

Mapu ali ndi njira zingapo zosonyezera kumene kuli kokwera, ndipo ndinamuyendetsa pa zitatu.

Yoyamba ndi yapafupi kuposa zonse: kupeza mzere wonenepa wachiwiri. Munthu sangadziwe kumene manambala akulowera ndi nambala imodzi. Kummwera kwa mzere wa 1 100 kuli wa 1 200, kufupi ndi chipilala. Kumpoto, kupitirira mlatho motsata chigwa, kuli wa 1 000. Ndiye mlatho uli pakati pa 1 000 ndi 1 100, ndipo 1 140 sangakhalepo.

Yachiwiri ndi mtsinje. Madzi amakhala pamalo otsikitsitsa a chigwa chawo. Ukachoka pa mtsinje kulowera mbali ina iliyonse mopingasa, ukukwera. Mlatho uli pa mtsinje, ndipo mzere wa 1 100 uli pambali pa chigwa, pakati pa mtsinje ndi phiri. Sizingatheke kuti mlathowo ukhale pamwamba kuposa mbali ya chigwa chake chomwe.

Yachitatu ndi maonekedwe a mizere podutsa mtsinje. Mzere wa kontuwa ukafika pa mtsinje umapindika ngati chilembo cha V, ndipo nsonga ya V imaloza kumene madzi akuchokera. Izi ana ambiri amangoloweza osamvetsa, kenako pa mayeso amazitembenuza. Ndinamufotokozera motere: tayerekeza ukuyenda m'mbali mwa phiri ndipo walumbira kuti sukwera kapena kutsika. Ukafika pa chigwa sungadutse molunjika, chifukwa utsika. Uyenera kukhotera m'kati mwa chigwa, kulowera kumene madzi akuchokera, mpaka pamene pansi pa chigwacho pakwera kufika pa msinkhu wako. Pamenepo udutsa madzi n'kubwerera mbali inayo. Njira imene wayendayo ndiyo V uja. Atamva zimenezi anatsata mzere wa 1 060 ndi chala, n'kuona wekha kuti mtsinjewo ukuyenda kulowera kumpoto, kumwamba kwa pepala. Anaseka.

Pali chenjezo limodzi pa V ameneyu. Msana wa phiri wotulukira m'chigwa nawonso umapinda mizere ngati V kapena U, koma nsonga yake imaloza kotsika. Pa maso zimafanana. Chosiyanitsa ndi manambala: m'chigwa, m'kati mwa V ndi motsika kuposa kunja kwake, pa msana, m'kati ndi mokwera. Pa mapu ambiri manambala a kontuwa amalembedwanso mitu yawo italoza kokwera, koma si onse osindikiza mapu amatsata zimenezi, ndiye ndimauza ana kuti azitenge ngati umboni wowonjezera, osati woyamba.

Tsopano masamu. Ake anali otere: 1 246 kuchotsa 1 140 ndi mamita 106, mtunda, kuchokera ku yankho lake loyamba lija, mamita 37 000, 37 000 kugawa ndi 106 ndi pafupifupi 349. Analemba giradiyenti ya 1 pa 349. Zolakwa ziwiri zinakumana m'yankho limodzi. Olondola ndi awa:

```
1 246 - 1 060 = 186
3 700 / 186 = 19.9
1 : 20
```

Kutanthauza kuti pa mamita 20 aliwonse oyenda mopingasa, munthu amakwera mita imodzi.

Nanga akanadziwa bwanji ali m'chipinda cha mayeso kuti 349 ndi bodza? Giradiyenti imaoneka ndi maso, pa kutalikirana kwa mizere. Mizere yathu imasiyana ndi mamita 20 m'kukwera. Pa giradiyenti ya 1 pa 349, kuti munthu akwere mamita 20 ayenera kuyenda pafupifupi mamita 7 000, ndiye mzere ndi mzere unzake zikanatalikirana masentimita 14 pa mapu. Koma pa masentimita 7.4 okha a pakati pa mlatho ndi chipilala pakudutsa mizere 9, kuyambira 1 080 mpaka 1 240. Pa giradiyenti ya 1 pa 20, mamita 20 amakweredwa pa mamita 400, amene pa mapu ndi mamilimita 8. Mizere 9 yotalikirana mamilimita 8 ikukwana bwino pa masentimita 7.4. Yankho ndi mapu zikugwirizana.

Pamenepa iye anafunsa funso limene linandisangalatsa kuposa mayankho onse a tsikulo. Anati mizereyo sikutalikirana mamilimita 8 paliponse. Kufupi ndi mtsinje ndi yotayana, kufupi ndi nsonga ndi yothinana thi. Anali kunena zoona. Tinayeza pafupi ndi chipilala n'kupeza mamilimita 2 pakati pa mizere, amene ndi mamita 100 pansi, giradiyenti ya 1 pa 5. Ndiye 1 pa 20 ndi ya pakatikati chabe, ya ulendo wonse. Palibe malo ambiri pa phirilo amene ndi 1 pa 20 ndendende. Funso la mayeso likafunsa giradiyenti pakati pa malo awiri limafuna ya pakatikati imeneyi, koma likafunsa kufotokoza maonekedwe a chitunda limafuna zimene iye anaonazo: mizere yotayana m'munsi ndi yothinana pamwamba, chitunda choyamba pang'onopang'ono n'kudzaima chakumapeto.

Chinanso chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti nambala yachiwiri ikakula, chitunda chimachepa mphamvu. 1 pa 5 ndi phiri lotopetsa, 1 pa 349 ndi pafupifupi chidikha. Iye ankaganiza kuti 349 ikusonyeza phiri lalikulu, n'chifukwa chake sinamudabwitse.

Beyaringi

Funso linati: "Pezani beyaringi ya chipilala kuchokera pa mlatho." Analemba 35°. Yankho ndi 215°.

Kuyeza kwake kunalibe cholakwa ngakhale digiri imodzi. Anangoika pulotirakita pa chipilala m'malo moika pa mlatho, chifukwa chipilala ndicho chatchulidwa koyamba m'funso. Zikatero munthu amapeza beyaringi yobwerera, imene imasiyana ndi yofunikayo ndi madigiri 180 ndendende. Pochonga ndikaona kusiyana kwa 180 sindifunsanso chimene chachitika. Malo otsatira mawu akuti "kuchokera" ndi pamene munthu waima, ndipo pakati pa pulotirakita pamakhala pamenepo. Ndinamuuza kuti asanajambule kalikonse azilemba kamtanda pa malo amenewo.

Pali cholakwa china chimene iye sanachite koma anzake angapo anachita pa funso lomweli, ndipo nachonso chili ndi chizindikiro chake. Iwo analemba 145°. Anaima pa mlatho pomwe, koma anayeza kuchokera kumpoto kuzungulira chakumanzere. Beyaringi imayezedwa kuchokera kumpoto kuzungulira mmene manja a wotchi amayendera, chakumanja. Woyeza mobwerera amapeza nambala imene ukaiphatikiza ndi yolondola zimakwana 360, monga 145 ndi 215.

Gwero la vutoli nthawi zambiri ndi pulotirakita ya theka, imene imalekera pa 180 ndipo ili ndi mizere iwiri ya manambala yoyenda mosemphana. Malo ofunidwa akakhala kummawa kwa mzere wa kumpoto, palibe chovuta: mimba ya pulotirakita iloze kummawa, ziro akhale kumpoto, n'kuwerenga. Akakhala kumadzulo, ngati chipilala chathu, mzere wa kumpoto utalikitsidwe kupitirira mlatho mpaka kummwera, mimba ya pulotirakita iloze kumadzulo, ziro akhale kummwera, n'kuyeza kuchokera pamenepo. Tinapeza madigiri 35. Kuchokera kumpoto kukafika kummwera ndi 180 kale, ndiye 180 kuphatikiza 35 ndi 215.

Apanso maso akanamupulumutsa. Kummawa ndi 090°, kummwera 180°, kumadzulo 270°. Chipilala chili kummwera chakumadzulo kwa mlatho, ndiye yankho liyenera kugwera pakati pa 180 ndi 270. Ndipo poti chapita mabokosi atatu kummwera koma awiri okha kumadzulo, chayandikira kummwera kuposa kumadzulo, kotero yankho lichepera 225. 35 ndi 145 onse amagwa pa mayeso amenewa munthu asanagwire pulotirakita.

Zina ndi zazing'ono koma zimadya malikisi. Beyaringi imalembedwa ndi manambala atatu, 035° osati 35°. Mzere wa kumpoto uyenera kuyenda mofanana ndi mizere yoimirira ya giridi, osaujambula mongoganizira; ndimauza ana kuti ayeze mtunda wa kuchokera pa malowo kukafika pa mzere wa giridi wapafupi, abwereze muyeso womwewo chapamwamba, n'kulumikiza madontho awiriwo. Mizere yonse iwiri italike kupitirira m'mphepete mwa pulotirakita, apo ayi munthu amawerenga mongoyerekeza. Pa kuchonga kwanga ndimalola kusiyana kwa madigiri 2 uku ndi uku.

Beyaringi yopezeka motere ndi ya giridi. Singano ya kampasi imaloza kumpoto kwina, kwa maginito, ndipo kusiyana kwake kumalembedwa m'mphepete mwa mapu pamodzi ndi chaka chimene kunayezedwa, poti kumasintha ndi zaka. Pa pepala ili sizinafunsidwe, ndiye ndinangomuonetsa kachithunzi ka mivi kosonyeza kusiyanako n'kusiya nkhaniyo kuti tidzaione padera.

Zimene tinachita, ndi cholakwa changa

Sindinamupatse njira yatsopano iliyonse. Ndinangoika lamulo limodzi kwa kalasi yonse: funso la mapu lisanayezedwe, munthu alembe pambali ndi pensulo yankho longoyerekeza ndi maso. Pa mtunda, awerenge mabokosi. Pa kutalika, alembe mizere iwiri yonenepa imene malowo ali pakati pake. Pa beyaringi, alembe malire awiri, monga 180 ndi 270. Akamaliza masamu ayerekeze. Kwa masabata awiri oyamba ndinkapereka malikisi pa kuyerekezako, chifukwa ana sachita chinthu chimene sichilipira.

Sabata yachitatu ndinafuna kuti aliyense akhale ndi mapu ake opita nawo kunyumba. Mapepala a A3 panalibe, ndiye ndinapempha kuti mapu aja achepetsedwe pa makina a fotokope kuti akwane pa A4. Sindinaganizeponso kanthu. Ndinapereka mafunso omwe aja ndi ena owonjezera, ndili ndi mayankho anga akale m'manja.

Mawa lake pafupifupi kalasi yonse inabwera ndi makilomita 2.6 pa mtunda wa mlatho ndi chipilala. Ndinayamba kukalipa, kuti funso lomwe tinakonza limodzi alilakwa bwanji. Mtsikana uja anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, pepani, koma mabokosi a mapu awa si masentimita 2. Ndayeza, ndi 1.4."

Pa pepala lake panali mayankho awiri. Pambali, ndi pensulo, analemba kuti mtunda uli pakati pa 3 ndi 5, monga mwa mabokosi. Rula inamupatsa masentimita 5.2, amene pogawa ndi 2 ndi makilomita 2.6, kunja kwa malire ake. M'malo mofufuta kuyerekezako anakayeza bokosi, n'kupeza 1.4. Kenako anagawa 5.2 ndi 1.4 n'kupeza 3.7. Anatsimikiza poika kapepala pa sikelo ya mzere ya m'munsi, ndipo inamupatsanso 3.7.

Manyazi anandigwira. Kuchepetsa A3 kukhala A4 kumafupikitsa mzere uliwonse kufika pa 71 peresenti ya kutalika kwake. Pamwamba pa mapu panalembedwabe 1:50 000, chifukwa makina amakopera manambala mmene alili, koma sikelo yeniyeni inali itasanduka pafupifupi 1:70 700. Sikelo ya mzere ndi mabokosi a giridi zinachepa pamodzi ndi mapu, ndiye zinakhalabe zoona. Phunziro lonse la tsikulo linathera pa cholakwa changacho, ndipo tinaona limodzi zimene zinasintha ndi zimene sizinasinthe. Beyaringi inali 215° yomweyo, poti kuchepetsa mofanana mbali zonse sikusintha ngodya. Kutalika kwa mlatho kunali 1 060 komweko. Koma giradiyenti ya amene anakhulupirira nambala yolembedwa ija inatuluka 1 pa 14, chifukwa anagawa 2 600 ndi 186, phiri n'kuoneka loima kuposa mmene lilili.

Kuyambira pamenepo, mapu aliwonse amene ndapereka, chinthu choyamba ana amayeza bokosi limodzi. Pa mayeso enieni mapu amasindikizidwa pa sikelo yake, koma m'mabuku obwereza ndi m'mapepala akale okopedwakopedwa, mapu ochepetsedwa ndi ambiri, ndipo mwana akhoza kumadziona wolephera pa funso limene wayankha bwino.

Mmene zilili tsopano

Patapita masabata 6 ndinapereka mayeso ena, pa mapu achilendo a 1:25 000 okhala ndi mizere yosiyana mamita 10. Ndinasankha dala sikelo ina kuti ndione ngati anangoloweza kugawa ndi 2. Pamwamba pa pepala lake analemba kuti masentimita 4 ndi kilomita imodzi, ndipo anapeza malikisi 16 pa 20.

Anayi otayikawo ali motere. Imodzi inapita pa mtsinje wokhotakhota, umene anaupeza wofupika ndi mamita 200; zidutswa zake pokhota zikadali zazitali akamathamangira nthawi. Imodzi inapita pa beyaringi imene analemba 72° m'malo mwa 072°. Awiri anapita pa funso limene kuyerekeza ndi maso sikunamuthandize: ngati munthu woima pa malo ena angaone malo ena. Anayang'ana kutalika kwa malo awiriwo, n'kuona kuti woyang'anayo ali pamwamba, n'kuvomera. Pakati pawo panali msana wa phiri wofika mamita 30 pamwamba pa mzere wa maso, wooneka pa mapu ngati timizere titatu totsekeka. Funso lotere limafuna kujambula chithunzi cha mtunda wodulidwa pakati, kutenga kutalika kwa mzere uliwonse umene wadutsidwa, ndipo chimenecho sitinachichite mokwanira. Ndachiika pa maphunziro awiri a sabata ikubwerayi, pa mapu oyamba aja, kuchokera pa chipilala kuyang'ana ku mphambano.